Mzere wachinayi pa pepala lathu

Chaka chimene bambo a kunyumba anasiya ntchito yocheka matabwa ku Chikangawa, m'nyumba mwathu simunkakhalika. Ife ndife a ku Dedza, koma tinali titakhazikika pa Mzimba Boma, pomwe ine ndinkagulitsa nyemba ndi mtedza mumsika. Katunduyo ndinkakatenga ku Manyamula pa magalimoto a matola, ndipo masiku ena ndinkakhala pamsewu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, matumba ali pambali, magalimoto akudutsa odzaza. Choncho ndalama zawo zopumira pa ntchito zitabwera, tinagwirizana msanga kuti tigule galimoto. Chimene chinatikanika ndi kugwirizana kuti tigule iti.

Magalimoto anali awiri. Ina inali yaing'ono, ya ku Japan, ya mtundu umene umangoti mbwee pa depoti. Inayo inali yaitali, yakuda, ya ku Ulaya, ya mkulu wina wogulitsa matabwa amene ankasamukira ku Lilongwe ndipo ankafuna kuigulitsa mwachangu. Chifukwa cha changucho, mitengo ya awiriwa inangosiyana pang'ono.

Bambo anaikonda yakudayo tsiku loyamba lomwe. Ankapita kukaiona kawiri pa tsiku, n'kubwera akufotokoza za mipando yake ngati akufotokoza za mwana wobadwa kumene. Ine mtima sunkakhazikika. Ndikakhala pa benchi mumsika ndinkapima nyemba molakwitsa, makasitomala mpaka kundifunsa ngati ndikudwala. Pofuna kunditsimikizira, bambo anatenga pepala n'kulemba mizere itatu: mtengo, mafuta, matayala. Pa mafuta ndi matayala yaing'ono inapambana, koma osati kwambiri.

“Mwaona, mayi?” anatero. “Kusiyana kwake n'kochepa. Nanga msewu wa ku Manyamula nthawi ya dzinja, kagalimoto kameneko kangauthe?”

Pamenepo ankanena zoona, ndipo msewuwo ndinkaudziwa kuposa iwo.

Chimene chinanditengera ku ofesi ya inshuwalansi sichinali nzeru ayi. Ndinangofuna kudziwa kuti tisiye ndalama zingati pambali, tisathere zonse pogula. Kaofesiko kanali kachipinda kamodzi kuseri kwa sitolo ina, ndipo munali mayi wina wa konkuno, wovala magalasi, wolankhula Chichewa chosakaniza ndi Chitumbuka.

“Galimoto yamtundu uli, amama?” anandifunsa.

Ndinati galimoto ndi galimoto, angondiuza mtengo. Anaseka.

“Yayi, amama. Mundiuze mtundu wake, chaka chake, kukula kwa injini, ndiponso ntchito imene izigwira. Mbwenu ndikuuzani.”

Ndinabwerera kukakopera zonsezo m'mabuku a magalimoto awiri aja, ndipo mawa lake ndinakokera bambo konko. Anabwera monyinyirika, atavala jekete.

Mayi aja anatifotokozera kuti inshuwalansi ili pawiri. Yoyamba ndi imene lamulo limakakamiza aliyense, imene amati thedipate. Imeneyo imalipira anthu ena ukawavulaza kapena kuwawonongera katundu, koma galimoto yako ikaphwanyika umadzionera wekha. Pa imeneyo magalimoto athu awiri sankasiyana kwenikweni. Yachiwiri ndi yokwanira, yolipiranso galimoto yako ikachita ngozi, ikapsa kapena ikabedwa. Ife tinkafuna yachiwiriyo, pakuti m'galimotomo munkalowa thukuta lonse la bambo la zaka zambiri.

Anaimba foni ku ofesi yawo yaikulu ku Mzuzu, nalemba manambala awiri pa kapepala, n'kutitembenuzira. Ya galimoto yakuda inali pafupifupi kuwirikiza kawiri inzake.

Bambo anaimirira. “Zatheka bwanji? Mtengo wogulira ndi umodzimodzi!”

“Khalani pansi, adada,” anatero mayiwo mofatsa. “Inu mwaipeza motchipa chifukwa mwini wake akuthamanga. Koma ife timaona mtengo wake weniweni pamsika, chifukwa ikabedwa ndi umene tidzayenera kubweza. Chinanso, kagalimoto aka nyali ikasweka, pa Mzuzu pompa muipeza, ndipo makaniko aliyense pa Boma amakadziwa. Iyi yakuda nyali yokha mpaka kuitanitsa kunja, n'kudikira masabata. Ife tikadziwa kuti kukonza kudzatidya chomene, nafenso timakweza.”

Anawonjeza kuti pa ngozi iliyonse pali gawo loyamba limene mwini galimoto amalipira yekha kampani isanaikepo lake, ndipo pa yakudayo gawolo linali lalikulunso. Kenako anandiyang'ana ine n'kunena kuti popeza tizinyamula nyemba za malonda, tinene zoona polembetsa, chifukwa tikalemba kuti ndi yongoyendera kutchalitchi, tsiku la ngozi akhoza kukana kulipira.

“Mtengo wogulira mulipira kamodzi,” anatero potsiriza. “Uwu muzibwera nawo kuno chaka chilichonse.”

Potuluka bambo anangothokoza kuti “yewo” osawayang'ana n'komwe. Tinayenda mpaka kunyumba, iwo patsogolo ine pambuyo.

Masiku atatu otsatira anali ovuta. Bambo anati tigule yakudayo n'kungoilembetsa thedipate basi, pakuti iwo amayendetsa mosamala. Ine ndinawakumbutsa za ng'ombe zimene zimangotulukira pamsewu wa ku Manyamula, ndi ngolo, ndi akabaza. Ndinati ng'ombe siidziwa kuti woyendetsa ndi wosamala. Anandiyankha kuti ndalama ndi zawo. Mawu amenewo anandiwawa kwambiri moti ndinapita kumsika osadya, ndipo tsiku lonse ndinkangodzuka pa benchi, kuzungulira, kukhalanso. Mwini galimoto yakuda nayenso ankaimba foni kawirikawiri, kunena kuti pali wina wa ku Kasungu akuifuna.

Tsiku lachinayi nditabwera kuchokera kumsika ndinawapeza ali pakhonde ndi pepala lija. Anali atawonjezera mzere wachinayi, wa inshuwalansi, n'kuwerengera zaka zisanu. Sanandionetse mwachindunji. Anangolisiya pampando n'kunena akuyang'ana kumbali kuti, “Ndamuuza mkulu uja kuti agulitse kwa wa ku Kasunguyo.”

Sindinasangalale monga mmene ndinkaganizira. Nkhope yawo inali ngati ya munthu amene wabwera kumaliro. Ndinazindikira kuti zaka zonse zimene ankacheka matabwa, akuona mabwana akudutsa m'magalimoto aatali m'nkhalango muja, iwo ankadziona tsiku lina ali m'kati mwa imodzi. Ndinafuna kunena kanthu kowatonthoza, koma ndinangowafunsa ngati amwa tiyi.

Tinagula yaing'ono ija, n'kuilembetsa inshuwalansi yokwanira, ya galimoto yonyamula katundu wa malonda. Miyezi ya chilimwe inayenda bwino. Tinkanyamuka m'mawa, bambo akuyendetsa, pofika masana ndili kale pa benchi ndi nyemba zatsopano.

Mvula itayamba, zimene bambo ananena zija zinachitika. Tsiku lina tikuchokera ku Manyamula ndi matumba anayi, kagalimoto kanakhala pamimba m'matope, matayala akungozungulira. Tinatsitsa matumba, tinaika nthambi, koma osatheka. Bambo anangopitiriza kuika nthambi pansi pa matayala. Ndinaima m'matope mpaka m'akakolo, chitenje chili chonyowa, ndikudzifunsa ngati ndinawalakwira.

Patapita nthawi kunatulukira mlimi wina ndi ngolo ya ng'ombe ziwiri. Anamasula ngoloyo, n'kumangirira ng'ombezo kutsogolo kwa galimoto ndi unyolo. Bambo analowa kukagwira chiwongolero, ine ndikukankha kumbuyo, ndipo galimoto itatuluka inandimwaza matope nkhope yonse. Bambo anasuzumira pawindo, n'kundiona, n'kuyamba kuseka mpaka kutsokomola. Mlimiyo tinamupatsa nyemba zodzaza ndowa yaing'ono. Tinafika pa Boma msika utatsala pang'ono kutsekedwa, ndipo kuyambira tsiku limenelo mpaka mvula kutha, ulendo wa ku Manyamula tinkayamba taimbira foni anthu a kumeneko kufunsa ngati kwagwa mvula.