Ndinawakumbutsa kuti asabwere

Ndakhala kalaliki wa bungwe la anamwino zaka khumi ndi zisanu, ndipo amanditcha Achangu chifukwa sindidikira kuuzidwa kawiri. Abwana atanena kuti tichititse maphunziro a pa intaneti, ndinadziguguda pachifuwa kuti andisiyire.

Ndinakonza fomu yolembetsera, yofunsa dzina ndi imelo, ndipo analembetsa anthu 140. Ndinatchera maimelo awiri okumbutsa, yoyamba kuti ipite kutatsala tsiku, inayo kutatsala ola limodzi. Pofuna kuoneka wachifundo ndinawonjezera kuti, "Mukalephera musadandaule, tijambula zonse pa vidiyo ndipo linki yoonera vidiyoyo titumiza kwa aliyense wolembetsa."

Tsikulo tinalowa atatu: adokotala ophunzitsa, ine, ndi mlamu wanga wowotcherera zitsulo, amene ndinamulembetsa poyesa fomu.

"Achangu, anthu aja ali kuti?" anafunsa adokotala.

"Ali m'njira," ndinayankha, ngati akubwera pa basi.

Adokotala anaphunzitsa za kutsuka mabala ola lathunthu. Mlamu, pokhala munthu wopsa ndi moto kawirikawiri, anafunsa mafunso awiri anzeru. Mawa lake ndinatumiza linki ija. Anamwino anayankha moyamikira, ena akufunsa kuti mnzawo wa mafunsoyo amagwira pachipatala chiti. Amenewo sindinawayankhe mpaka lero.