Nsalu ikhale ndi mtundu wake

Ndili ndi kashopu ka zitenje ku Zolozolo. Mlamu wanga ankandiseka kuti kampani ya mapulogalamu singayankhe mayi wa pamsika. Ndinawalemberabe imelo, kufunsa ngati pulogalamu yawo ingachotse khoma lakuda kumbuyo kwa zithunzi za zitenje zanga, koma osasintha mtundu wa nsalu. Kasitomala akalandira chofiira chosiyana ndi chimene anaona pa foni, amabweza.

Anayankha m'mawa mwake: khoma imachotsa, koma ndizimitse batani lowalitsa mitundu, ndipo ndizijambulira pamthunzi, osati padzuwa.

Ndinatero. Amayi a kwaya ya ku Ching'ambo anabwera, nayika foni yawo pambali pa nsalu kuti afananize ndi chithunzi.

“Ndi yomweyi! Yewo chomene,” anathokoza m'Chitumbuka.

Nsalu yawo anawanyamulira mlamu yemweyo.