Chimanga Chimodzi, Ndalama Ziwiri

Ine ndi alamu anga tinkagula chimanga m'mapulazi, minda ikuluikulu ya ku Chegutu, nthawi yokolola, n'kumadzagulitsa ku Ingezi mvula ikayandikira. Aliyense anali ndi madola 100 ake. Alamuwo ankagula cha ndalama zawo zokha. Ine ndinabwereka madola 400 kwa bambo wina wachigayo, kuti ndidzabweze 440, ndipo ndinagula cha 500.

Chaka choyamba mtengo unakwera. Ndinagulitsa 600, n'kubweza ngongole, ndipo m'manja munatsala 160. Alamu anga anapeza 120 basi. Ndinawaseka mpaka misozi. Ndinati, “Alamu, mantha anuwa mudzafa nawo osauka.”

Chaka chotsatira aliyense anaikanso madola 100 ake, ine n'kubwerekanso chimodzimodzi. Anthu anakolola zambiri, ndipo mtengo unatsika pang'ono chabe, masenti khumi pa dola iliyonse. Alamu anagulitsa 90, n'kungogwedeza mutu. Ine ndinagulitsa 450, koma wachigayo uja za kutsika kwa mtengo sizinkamukhudza. Anatenga 440 yake yonse, ine n'kutsala ndi madola khumi.

Chimandipsetsa mtima mpaka lero n'choti chimangacho chinali chimodzi. Tinachinyamula pa lole imodzi, n'kuchisunga m'chipinda chimodzi, mankhwala a anankafumbwe tinathira limodzi. Palibe chimene ndinalakwitsa choposa iwo. Kungoti kutsika kwa matumba onse aja, ogula ndi ndalama zanga ndi za eni, kunagwera pa 100 yanga yokha.

Alamu sanandiseke. Anangondilipirira kombi, minibasi yobwerera kunyumba, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa kusekedwa.