Rahimu ndi disiki ya mkazi wake

Rahimu amakonza makompyuta kuseri kwa msika wa Insaca. Anaphunzira ntchitoyi ku Cuamba ali mnyamata, ndipo anthu amamudziwa ndi chinthu chimodzi: disiki akaipukuta, palibe chimene chimabwerera.

Madisiki akale ankawakonda. Muli kambale kozungulira, ndipo ukalemba maziro, nambala ya 0 yokhayokha, pamwamba pake ponse, zakale zimatha. Zinkatenga tsiku. Iye ankakhala pambali ndi tiyi, kumamvera kulira kwake.

Mkazi wake Zakiya, mphunzitsi, anamwalira m'nyengo ya mango. Ana analibe. Sadaka ya arobaini, ya tsiku la makumi anayi, itatha, abale a mkazi anagawana katundu monga mwa mwambo, ndipo laputopu inagwera a Bwanausi, mchimwene wa malemu. Anati adzaitenga Lachisanu akachoka ku mzikiti, ndipo ikhale yoyaka.

M'menemo munali zithunzi za mabala a Zakiya, thupi lili poyera, zimene ankatumiza kwa dokotala ku Nampula. Munalinso mawu ake, akuyeserera maphunziro a ana. Ali chigonere, Zakiya anali atamuuza Rahimu kuti:

"Musakasankhemo, bambo. Mukafufute zonse. Ndikudziwani, mukasunga mawu simudzadyanso."

Rahimu anatsegula pansi pa makinawo. Sinali disiki ya kambale, inali SSD, kachidutswa konga chala. Iyi siilemba pamalo pamene waiuza. Imasinthasintha malo kuti isathe msanga, ndipo ili ndi malo apadera amene kompyuta siiwaona. Maziro akhoza kudutsa, chithunzi n'kutsala pakona. Kuiphwanya kukanafuna kuswa kachipi kalikonse kosunga zinthu m'kati mwake, koma mlamu anali atanena kuti yoyaka.

Njira inalipo. Anafufuza mtundu wa disikiyo, napeza kuti imabisa chilichonse chimene yalandira kuyambira tsiku loyamba, ndipo mfungulo yotsegulira zobisikazo imaisunga m'kati mwake. Ukailamula kutaya mfunguloyo n'kupanga ina, zotsalazo zimangokhala zinyalala zosawerengeka.

Lachinayi masana anakankhira chitseko cha shopu. Anafulula tiyi, nakoka mpando ngati kale. Ankafuna kukhala ndi Zakiya pang'ono pamene akupita. Analowa m'BIOS, momwe muli malamulo oyambira a makina, nasankha kufufuta kotheratu. Makina anafunsa ngati watsimikiza. Anavomera.

Asanafikitse kapu pakamwa, makina anati atha.

Sanakhulupirire. Anaipima disikiyo ndi pulogalamu yobwezera zotayika, ija amathandizira nayo anthu olira zithunzi za ukwati. Sinapeze kanthu. Tiyi anamwa ali wozizira.

Mawa lake a Bwanausi anabwera pa njinga. Anayatsa laputopu, nayang'anayang'ana.

"Mlamu, mulibe ngakhale chithunzi chimodzi cha mlongo wanga?"

"Mulibe."

A Bwanausi anaimangirira laputopuyo pakaliyala ndi mphira, osatsanzika. Kuchokera pamenepo sapondanso pashopu.

Rahimu akadali pomwepo. Akamubweretsera disiki yakale ya kambale, salipiritsa. Amaiyamba m'mawa, n'kukhala nayo mpaka ithe.