Tsiku Limene a Mwanaisha Anakhalira Makwerero

Kwathu kufupi ndi Milonde amawatchula kuti Loya wa Tsache. A Mwanaisha anasesa kubwalo la milandu paboma zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Sanapite kusukulu, dzina lawo amasainira ndi chala. Koma akamakolopa pakhonde khutu limakhala pawindo, ndipo zimene ankamva sanazisiye kumeneko. Atapuma ntchito anabwerera kumudzi, m'nyumba yaudzu yodontha, n'kuyamba kugulitsa nanazi mumsika.

Ine ndinawadziwa bwino mu 2019, nditasankhidwa kukhala mlembi wa banki mkhonde yathu ya Tiyesenawo. Tinalipo anthu makumi awiri ndi awiri. Lachinayi lililonse iwo ankagula masheya, ndikamadinda m'kabuku kawo n'kumati, "Millie, dinda mwamphamvu, limenelo ndi lata." Ankafuna malata khumi ndi asanu ndi limodzi mvula isanagwe. Pofika Novembala zawo zinali zitakwana K96,000.

Bokosi lathu linali ndi maloko atatu. Linkagona kwa msungichuma, a Morris, makiyi ali ndi amayi atatu osiyana. Mu Okutobala membala wina anaferedwa mwana, ndipo panafunika ndalama ya chipepeso msangamsanga. Amayi atatu aja anali pamoto kuphikira anthu a pamaliro, choncho anangomasula makiyi pansonga za zitenje n'kuwapatsira a Morris. Anabweza madzulo. Milungu yotsatira a Morris ankangobweretsa kathumba koikamo ndalama kumisonkhano, amvekere bokosi likulemera, ife osaganiza kanthu.

Tsiku logawana, maloko onse ali bwinobwino, tinatsegula. M'buku mwanga munali K640,000. M'bokosi munali K11,000 ndi chidindo. A Morris anati akukataya madzi, sanabwerenso.

Wapampando wathu, a Isake, ndi kalipentala. Anandilanda pepala la malamulo a gulu n'kuwerenga mokweza ndime yachisanu ndi chinayi: "Wobera gulu, gulu lidzatenga katundu wake." Pasanathe ola tinali pakhomo pa a Morris ndi makwerero, hamala ndi chitsulo chozulira misomali. Nyumbayo inali ya malata atsopano ndithu. Mayi Esteri, akazi awo, anaima pakhomo ndi mwana kumbuyo.

A Isake anagoneka makwerero pansi kuti apinde buluku. Potembenuka anapeza a Mwanaisha atawakhalira, miyendo atatambalala ngati ali pamphasa.

"Mayi, dzukani. Malata oyamba kutsika ndi anu."

"Che Isake, malata a eni ake amadontha."

"Lamulo ili apa! Morris anasaina yekha."

"Anasaina, inenso chala changa chili pomwepo. Pepalalo ndi pangano lathu, ndipo lili ndi mano. Koma limaluma likakhala patebulo la majisitireti. M'manja mwanu, pambali pa hamala, ndi pepala lokulungira mandasi."

Anthu ena anaseka, ena anakuwa. Mayi wina anati, "Aloya, ndiye tidye ndime yachisanu ndi chinayi?"

"Mudzadya nandolo wa kundende," anatero a Mwanaisha. "Ndinawaona ine anthu ngati inu. Anabwera m'mawa ali odandaula, pofika masana ali m'bokosi la oimbidwa mlandu, wa kuba ndi wa kuononga katundu. Wakuba uja atakhala pabenchi kumawaonerera. Katundu wa munthu amalanda ndi masherifu, atanyamula chikalata cha khoti. Inu mwanyamula chiyani? Misomali?"

"Tipite kwa amfumu basi," wina anatero.

"Amfumu angatikhazike pansi ngati Morris akufuna kubweza mwamtendere, tilemberane. Koma kuba si mlandu wa pabwalo la amfumu, ndi wa polisi." Kenaka anatembenukira kwa mayi Esteri, mawu atatsika. "Mwanangu, malatawa munakhoma liti?"

"Chaka chatha, amayi. Ndi ndalama yanga yothyola tiyi."

"Nanga njinga yamoto ija amuna ako akuchitira kabaza?"

Mayi Esteri anayang'ana pansi. "Anakaitenga ku Milanje, kutsidya kwa malire, sabata ya maliro ija."

Tonse tinali titaiona njingayo, yofiira, ikutidutsa pamsewu, ena mpaka kukwerapo n'kulipira. A Isake anaika hamala m'thumba. Ine ndinayang'ana a Mwanaisha, mayi wamng'ono thupiyo, amene denga lake linali ndi mabowo oonetsa nyenyezi, atakhalira makwerero oti akanamutsitsira malata tsiku lomwelo.

M'mawa mwake a Mwanaisha anatitsogolera kupolisi: a Isake, amayi a makiyi ndi ine. Anandiuza kuti ndinyamule buku lalikulu, timabuku tonse ndi pepala la malamulo. Panjira anawauza amayi aja kuti, "Za makiyi mukanene momwe zinalili. Tinaphwanya lamulo lathu tokha, koma kupusa kwa mwini nkhuku sikusandutsa fisi kukhala mlonda."

Ine ndinafunsa ngati Tiyesenawo ingathe kusumira a Morris.

"Tiyesenawo sinalembetsedwe kuboma, khoti silidziwa munthu wa dzina limenelo. Mlandu wa kuba woimba ndi boma, ife ndi mboni. Ndalama zikapanda kubwera, tidzakasuma patokha, m'mayina athu, ndi timabuku timeneti. Ndiye usanyowetse."

A Morris anagwidwa ku Chonde patapita masiku anayi, njinga n'kusungidwa kupolisi ngati umboni. Tsiku la mlandu a Mwanaisha analowa m'chipinda chimene anachikolopa zaka zonse zija, koyamba kukhala pabenchi. Asanakhale anapukuta kaye fumbi ndi nsonga ya mpango, n'kung'ung'udza kuti ana a masiku ano sasesa m'makona. Pepala lathu lija linaperekedwa kwa majisitireti. Anawerenga ndime yonena kuti msungichuma amangosunga, alibe mphamvu yotsegula yekha. Anawafunsa a Morris ngati siginecha inali yawo. Pepala limene tinalemba titakhala pansi pa mtengo wa mapeyala, lothimbirira ndi zala zathu, linali kuwerengedwa m'khoti.

A Morris anavomera mlandu. Abale awo anali atasonkha K200,000, ndipo anaipereka chigamulo chisanaperekedwe. Khoti linawapatsa chilango chogwira ntchito yosalipidwa pachipatala, n'kulamula kuti zotsalazo abweze pasanathe miyezi itatu. Njinga itatulutsidwa anaigulitsa motchipa. Zonse sizinakwane, ndipo zotsala akubwezabe pang'onopang'ono malinga ndi pepala la kukhoti.

Mvula sinadikire. Disembala ndi Januwale yense a Mwanaisha anagona pakati pa mabeseni. Tinagawana mu Febuluwale, malata atakwera mtengo, ndipo zawo zinagula khumi ndi limodzi. Anakhoma ndi a Isake, pamakwerero omwe aja, osalandira kanthu. Mayi Esteri ndiwo ankapatsira misomali.

Ndinapitako tsiku lina mvula ikutsika kuchokera m'phiri. Chipinda chogona chinali cha malata, chochezera chikadali chaudzu, beseni limodzi lili pakati. Anandikokera kuchipinda n'kundikhazika pabedi.

"Khala chete, Millie. Tamvera."

Mvula inkasokosa pamwamba pathu moti sitikanatha kumvana. Iwo anatseka maso, akumwetulira.