Kumene bambo anabadwira

Akaunti yanga ya gemu anandibera pa kompyuta ya mu kafe ya intaneti ku Bindura. Wina anasintha pasiwedi, n'kutenga msilikali wanga wa m'gemumo amene ndinamulera miyezi yambiri.

Ndinalembera kampani ya gemuyo kalata m'Chingelezi changa chotola m'mabuku akale. Ndinayamba ndi kuwafunsa za moyo wa kunyumba kwawo, ngati ndikulembera amalume. Iwo sanandifunse za kwathu. Anangofuna umboni woti akauntiyo ndi yanga: pasiwedi yoyambirira, mwezi umene ndinaitsegula, ndi yankho la funso lachinsinsi lakuti bambo anabadwira kuti.

Ndinalemba kuti Malawi. Anati sizikugwirizana. Ndinayesa Nyasalande, anakananso. Magetsi ankangothima, ine ndikuzungulira pakhomo pa kafe, mtima uli m'mwamba kuti wakubayo agulitsa zida zonse.

Loweruka ndinakwera kombi kupita ku Jumbo Mine, kumene kumakhala bambo.

"Bambo, kodi munabadwira kuti kwenikweni?"

"Iwe, wabwerera zimenezi? Kumudzi!"

Ndinaseka ndekha. Chikhalire sindinawamvepo akutchula kwawo ndi dzina lina koma "kumudzi", ndipo ndi lomwelo ndinalemba potsegula akaunti.

Kampani inavomera yankholo. Msilikali wanga ndinamupeza ali chiimire, atamuvula zonse, koma ali wanga.