Mboni za Sitolo Yanga

Sitolo yanga inafa chaka cha njala. Sinapse, ndipo akuba sanaboole khoma. Inangofooka pang'onopang'ono anthu akuona. Mvula itakana, munthu wa ku Namitambo sankafunanso nsalu kapena mikanda. Ankafuna chimanga, ndipo chimanga ine ndinalibe. Ndinagulitsa makasu otsala, ndinagulitsa mashelefu, kenako ndinatseka chitseko.

Sitoloyo ndinaiyendetsa zaka zambiri. Nditatsiriza makalasi apamwamba ku mishoni anzanga analowa ukalaliki ndi uphunzitsi, koma ine ndinati sindidzaimirira pamaso pa munthu chipewa chili m'manja. Ndinagula chiphaso ku Boma, ndinamanga kanyumba ka zidina m'mbali mwa msewu, kumudzi kwa mkazi wanga kumene ndinali mkamwini. Katundu ndinkakapikula kwa Amwenye ku Limbe, n'kubwera naye pamitu ya amtengatenga. Mchere, sopo, machesi, nsalu ya biriwita, singano. Ndinkadziwa kuti mchere suukhazika pansi nthawi ya dzinja, umalira. Ndinkadziwa kuti nsalu yofiira imayenda anthu akagulitsa thonje, yakuda imayenda chaka chonse chifukwa maliro satha. Zimenezi ku sukulu sanatiphunzitse.

Koma Boma silinkaziwerengera. Munthu wolima mwezi wathunthu kwa mzungu ankapatsidwa pepala, msonkho wake n'kutsika. Ife odzilemba tokha ntchito tinkalipira wonse, ngati malova ogona pansi pa mtengo. Tsopano sitolo inali itafa, ana akudya gaga, msonkho uli pakhomo. Njira zinatsala ziwiri: kupeza ntchito konkuno, kapena kutsatira amuna anzanga ku Halale, kumene ambiri sankabwerako.

Ndiye ndinamva kuti mzungu wa munda wa thonje cha ku Mikolongwe akutsegula sitolo ya antchito ake, ndipo akufuna munthu woigulitsa. Ndinaseka ndekha. Ndinati ntchito imeneyi aipangira ine.

Kalaliki wa mzunguyo anali mnzanga wa ku sukulu, amene ndinkakhala naye benchi imodzi. Ndinamupeza pakhonde la ofesi atavala jekete dzuwa likuswa mtengo.

"Achimwene, mwabwera ndi kalata?" anandifunsa.

"Kalata yanji?"

"Ya umboni. Yochokera kwa bwana amene munkawagwirira ntchito. Yonena kuti munakhala nawo nthawi yakutiyakuti, simuba, simuledzera."

"Bwana wake ndinali ine ndemwe. Ndidzilembere?"

"Musayambe ukali wanu uja, pano si ku sukulu. Ine ndikukuthandizani. Bwanayu sayang'ana nkhope, amayang'ana pepala. Pezani aliyense woti akuchitireni umboni, mubwere Lolemba."

Ndinayenda mpaka ku Limbe kwa Mmwenye amene ndinkapikulako katundu. Anandilandira bwino, anandipatsa mpando. Nditanena za kalata anapukusa mutu. Anati iwe sunandigwirire ntchito, unkangogula, ndilembe chiyani? Ndinati lembani chomwecho, kuti ndinkagula mwezi ndi mwezi ndipo sitinakanganepo. Anati mzungu uja amapikulanso kwa ine, ukakalakwa kumeneko dzina loipa likhala langa. Ku mishoni abusa amene ankandidziwa anali atabwerera kwawo, ndipo watsopanoyo anati angalembe za ubatizo wanga basi. Chiphaso cha ku Boma ndinali nacho, koma chinkangonena kuti ndinaloledwa kugulitsa, osati kuti ndinkatha kugulitsako.

Amene anabwera ndi nzeru anali atelala. Anali Mchawa wachikulire wa kofia yoyera, amene kwa zaka zonsezo ankasoka pakhonde la sitolo yanga. Munthu akagula nsalu m'kati, ankatuluka n'kuipereka kwa iwo.

"Achimwene, mukuvutikiranji ndi pepala?" anatero. "Pepala lili ndi maso? Pa mlandu munthu amabwera ndi mboni zamoyo. Ine ndinakuonani mukutsegula m'mawa uliwonse. Tiyeni tikamuuze mzunguyo pakamwa."

Mkazi wanga anali akupeta pafupi. "Inu abambo, azungu sakonda gulu," anatero. Ndinamuyankha kuti za azungu wazidziwira kuti. Kwa ife nzeru ya atelala inali yoona. Malire a munda, ukwati, mbuzi yosochera, zonse zimatha ndi mboni. Bwanji ntchito?

Lolemba tinanyamuka. Ine ndinapempha anthu awiri okha, atelala ndi mayi wina wofulula mowa amene ankagula kwa ine kuposa wina aliyense, mayi wa mawu aakulu osadziwa kunong'ona. Koma nkhani inali itamveka m'mudzi, ndipo kwathu kuperekeza munthu pa mlandu ndi ulemu. Pofika ku Mikolongwe tinali chigulu, amayi ena ali ndi ana kumbuyo. Anakhala pansi pabwalo la ofesi mwadongosolo, amuna uku, akazi uko.

Mnzanga kalaliki atatuluka anagwira pakamwa.

"Achimwene, mwatani? Ndinati kalata, inu mwabwera ndi mudzi!"

"Munati aliyense wondichitira umboni. Ndi awa."

Mzungu anatuluka atafiira, akuganiza kuti anthu abwera kudzadandaula za thangata. Kalaliki atamufotokozera, anaseka, n'kuitanitsa mpando. Ndinaona kuti wakhala pansi kuti aonere masewera, koma ndinaugwira mtima. Ndinamulankhula m'Chingelezi changa cha ku mishoni. Ndinanena zimene ndinakonza panjira: kuti ndimadziwa kuitanitsa katundu asanathe, kuika mitengo, kusunga buku, kuyang'anira amtengatenga kuti mtolo ufike wathunthu. Ndinamuonetsa chiphaso.

"Unagwirapo ntchito kwa yani?" anafunsa.

"Kwa ine mwini, bwana."

"Ndiye kuti sunagwirepo ntchito."

Ndinati mboni zanga zilankhule. Iye anakweza dzanja kuti chabwino, kalaliki azimasulira.

Atelala anaimirira, anayamba ndi malonje aatali, kenako ananena bwino: kuti sitolo sinatsekedwepo chifukwa cha mowa, kuti mbewa ndi chiswe sizinadyepo nsalu. Mzungu anagwedeza mutu. Mtima wanga unayamba kukhala pansi.

Kenako anadzuka mayi wa mowa uja, namanga nsalu yake m'chiuno.

"Muwauze bwanawo kuti munthu uyu ndi wabwino kuposa Amwenye onse a ku Limbe. Ukagula mchere kwa iwowa, akadzaza kachitini, amatapanso ndi dzanja n'kukuikira banyira. Tsiku lililonse! Osachita kupempha!"

Amayi onse anavomera, "Eee, zoona!" ena akuomba m'manja.

"Nanga nsalu! Kwina amakuyezera ndi kamtengo. Awa amayeza ndi mikono yawo, ndipo taonani kutalika kwake! Tambasulani manja, bambo, awaone. Ife timachoka kutali kutsatira manja amenewa. Mkwamba wa iwowa umafunda mayi ndi mwana yemwe!"

Anthu anaseka mokondwa. Mayiyo ankandipatsa ulemu waukulu umene ankaudziwa. Kwathu wamalonda wabwino ndi wa dzanja lotambasuka. Kalaliki anandiyang'ana, ndipo ndinaona kuti akufuna kudumpha mawu ena. Koma mzunguyo ankamva Chinyanja chokwanira kulamulira antchito, ndipo anamuuza kuti amasulire zonse. Anamasulira zonse.

"Tsopano ndamva chimene chinagwetsa sitolo yako," anatero mzungu. "Ukufuna udzagawe mchere wanga ndi manja ako ataliwo?"

Ndinafuna kufotokoza. Banyira si kutaya katundu. Mtengo wa kachitini ndinkauika ndikudziwa kale kuti padzakhala dzanja lapamwamba. Kadzanja kameneko ndi kamene kankachititsa mayi kudutsa sitolo ya Mmwenye n'kubwera kwa ine. Kamtengo koyezera ndinali nako, kokhoma pa kauntala, ndipo ndinkadziwa kuti mkono wanga umapitirira ndi zala zingati. Anthu athu amakhulupirira mkono umene akuuona, kamtengo amati kamawabera. Sitolo inaima zaka zonsezo ndi nzeru imeneyi, ndipo chinaigwetsa ndi dzuwa, monga momwe linagwetsera thonje la mzunguyo lomwe.

Zonsezi ndinali nazo m'mutu mwadongosolo. Koma mzunguyo anali ataimirira kale, akukutumula fumbi pa buluku, ndipo Chingelezi chinandithawa. Chimene chinatuluka chinali Chinyanja, mokuwa. Ndinamufunsa ngati iye anasenzapo thumba la mchere kuchoka ku Limbe. Ndinamufunsa kuti kalata yake ya umboni anamulembera ndani pobwera kudzatenga minda ya eni ake. Atelala ankandikoka malaya, "Achimwene, basi, basi." Sindikupepesa pa mawu amenewo. Ntchitoyo inali itapita ndisanatsegule pakamwa.

Mzungu sanakalipe n'komwe. Anangouza kalaliki kuti achotse anthu pabwalo, n'kulowa.

Mnzangayo anatiperekeza mpaka pa mlatho. Anandikokera pambali.

"Mukanabwera nokha, mwina ndikanakunenerani. Tsopano mverani. Bwerani mudzalime mwezi umodzi m'munda, kwa kapitawo wa kutsidya, bwana sakakuonani. Mudzalandira pepala. Likakhalapo limodzi, lachiwiri silivuta."

"Ndiye kuti mwezi wa khasu uli ndi pepala, zaka za sitolo zilibe?"

"Ndi mmene zilili, achimwene. Sindinapange ndine."

Pobwerera mayi wa mowa uja ankayenda pambali panga, akudabwa. "Kodi bambo, ndinalakwitsa? Ine ndimati ndikukuyamikirani." Ndinamuuza kuti sanalakwe, ananena zoona. Anandipatsa chinangwa chouma chimene anamanga pansonga ya nsalu, chaka chimene chinangwa chinali chuma.

Khasulo ndinakaligwira. Ndinalima mizere ya thonje pakati pa Alomwe ongofika kumene, kapitawo akundiitana kuti "asitolo" kuti anthu aseke. Sitolo ya mzungu anaipereka kwa munthu amene kale ankapereka mbale patebulo la dona wina wachizungu ku Blantyre. Anali ndi kalata yabwino kwambiri. Mwezi utatha ndinalandira pepala langa, msonkho unatsika, koma malipiro sanafike pogula chimanga chotifikitsa ku masika. Ndinayenda ndi pepalalo m'masitolo a ku Limbe ndi ku Blantyre. Aliyense ankaliwerenga n'kunena kuti apa palembedwa kuti ndiwe wolima, ife tikufuna wodziwa sitolo. Ndikayamba kufotokoza za yanga ija, ankayang'ana kale munthu wa kumbuyo kwanga.

Mvula yotsatira isanagwe, amalume a mkazi wanga anandiitana. Sanandinyoze. Anati ana awo akuonda, ndipo mwamuna wa pakhomo aone chochita. Panali amuna a ku Mbombwe amene ankanyamuka sabata lomwelo wapansi kupita ku Halale, ndipo ndinawapempha kuti ndiyende nawo.

Mkazi wanga anandikazingira chimanga chochepa chimene chinalipo. Anandiperekeza mpaka pamsewu, mwana wamng'ono ali kumbuyo, wamkulu atagwira mtolo wanga osafuna kuusiya.

"Mukakafika mutumize mawu," anatero.

Ndinati ndidzatumiza. Ndinamasula zala za mwanayo pa mtolo chimodzi ndi chimodzi, n'kuthamangira anzanga amene anali atafika kale pa chitunda.